Pepala la ekisile ya bambo alemba consolidation ndi effusion, ndani angandimasulire?

Mayi a Chisomo, Bangula: Mwaswera bwanji nonse pagulu pano. Ine ndabwera ndi nkhawa. Bambo anga ali ndi zaka 63, ndipo lero ndi tsiku lachisanu akudwala. Thupi likutentha, akutsokomola, komanso akamakoka mpweya kukumawabaya kunthiti za kumanja mpaka kugwira ndi dzanja. Dzulo tinapita nawo kuchipatala, anawajambula m'chifuwa. Pakapepala komwe amata m'kabuku kawo alemba chonchi:

"Right lower zone consolidation with air bronchograms. Small right pleural effusion. Heart size normal. Clinical correlation advised."

Mzere unali wautali, adokotala anangoti ndi chibayo, n'kutipatsa amokisilini ndi kabotolo koikamo makhololo. Koma nditawatumizira achimwene anga a ku Joni, akuti mawu akuti effusion ndi madzi m'mapapo, tisachedwe, tikwere nawo ku Gulupu akawapope. Ndalama ya ulendo wa ku Blantyre ndilibe pakali pano. Kodi n'zoona kuti mapapo awo adzaza madzi?

Zuze wa kabaza, Nchalo: Pepani mayi. Madzi m'chifuwa ndi chifuwa chachikulu chimenecho, musataye nthawi ndi amokisilini. Ine zinandichitikira chaka chathachi. Ndinkalephera kupalasa ngakhale pamalo osakwera, anandijambula, anapeza mbali yonse ya kumanzere yayera. Anachotsa madzi achikasu ngati mkodzo, n'kundiyambitsa mankhwala a miyezi 6. Panopa ndili bwinobwino, ndikunyamula anthu awiri.

Gogo Nachanza: Kutentha kwa mwezi uno anthu akumwa madzi a mufiliji ali thukuta kamukamu. Madzi ozizirawo ndi amene amatsikira kumapapo. Awaletse bambowo.

Bambo Semba, Ngabu: Mayi a Chisomo, pepani ndi matenda. Ine ndagwira ntchito yoona odwala m'zipatala za kuchigwa kuno zaka zambiri ndisanapume, ndipo mapepala otere ndawawerenga osawerengeka. Chithunzicho sindinachione, bambo anunso sindinawapime, choncho ndingomasulira zomwe zalembedwazo.

Tengani chinkhupule chosambira chouma, muchiike m'jumbo. Chinkhupulecho ndi phapo, chifukwa phapo ndi timatumba ting'onoting'ono todzaza mpweya. Jumboyo ndi kachikopa kopyapyala kokuta phapo. Kachikopako n'kophatikiza pawiri, kena kamamatira kuphapo, kena kamamatira kunthiti, ndipo pakati pake pamakhala timadzi tochepa kwambiri tongoti phapo lizitereka munthu akamapuma.

Pa ekisile mpweya umaoneka wakuda, pomwe mafupa, mnofu ndi madzi zimaoneka zoyera. Ndiye phapo labwino limaoneka lakuda. Akalemba consolidation akutanthauza kuti mbali ina ya chinkhupule chija yanyowa: timatumba tija m'malo mwa mpweya tadzaza zina, kawirikawiri mafinya ndi timadzi ta kutupa, ndipo malowo ayera pachithunzi. Akalemba effusion akunena madzi amene ali m'jumbo, kunja kwa chinkhupule, pakati pa phapo ndi nthiti. Mukuona kusiyanako? China chili m'kati mwa phapo, china chili kunja kwake. Cha m'katicho sichipopedwa ndi singano, chimatha ndi mankhwala ndi kutsokomola. Cha kunjacho ndiye chimatheka kuchotsa ndi singano ngati pakufunika kutero.

Kwa bambo anu alemba kuti malo oyerawo ali kumunsi kwa phapo la kumanja, komwe kukuwabayako, ndipo madzi a kunjawo alemba small, kutanthauza ochepa. Munthu wodwala masiku asanu, thupi lotentha, kubaya pokoka mpweya, chithunzi chotere chikugwirizana ndi chibayo monga adokotala ananenera. Chibayo chikafika m'mphepete mwa phapo chimatupitsa kachikopa kaja, n'chifukwa chake kumabaya, ndipo kachikopa kotupako kamatulutsa madzi. Madzi ochepa otere nthawi zambiri amauma okha chibayo chikamachira.

Gogo, ndi ulemu wonse, madzi akumwa amapita m'mimba, alibe njira yokafikira pakati pa phapo ndi nthiti. Madzi a m'chifuwawa thupi limapanga lokha kuchokera m'magazi. Bambowa azimwa madzi ambiri ndithu, makamaka ndi dzuwa la kuno.

Mayi a Chisomo, Bangula: Takhuta bambo, mtima wakhalako pansi. Nanga air bronchograms ndi chiyani? Ineyo ndimaganiza kuti mwina ndi dzina la chotupa.

Tadala wojambula: Si chotupa ayi, mayi. Ine ntchito yanga ndi yojambula zithunzi zimenezi. M'phapo muli timipaipi ta mpweya tochita nthambi ngati mtengo. Phapo likakhala bwino timipaipi tating'onoto sitioneka, chifukwa ndi takuda pamalo akuda. Timatumba tozungulira tikadzaza mafinya n'kuyera, timipaipi tomwe tikadali ndi mpweya timaonekera ngati timizere takuda tochita nthambi m'kati mwa choyeracho. Mawu aja akunena zimenezo. Kwa ife ndi umboni woti choyeracho chili m'kati mwa phapo lenilenilo, osati kunja.

Pa nkhani ya madzi ndionjezereko. Pansi pa phapo, pomwe nthiti zimakumana ndi mnofu wolekanitsa chifuwa ndi mimba, pamakhala kangodya kosongoka ngati nsonga ya khasu. Munthu akaimirira madzi amatsikira pamenepo n'kukafufutitsa. Pa chithunzi cha kutsogolo kangodyako kamayamba kufufutika madzi akafika pafupifupi mamililita 200, osadzaza n'komwe botolo la zakumwa lija la 300. Ndiye ena papepala lawo adzapeza "blunting of the costophrenic angle", ndi nkhani yomweyi ya madzi ochepa, ngakhale nthawi zina chimakhala chipsera cha matenda akale. Madzi akachuluka amakwera m'mwamba, mzere wake n'kupindikira kunthiti ngati madzi a m'kapu, mpaka ena mbali yonse imayera ngati momwe a Zuze anenera.

Chinanso, mukachiyang'ana chithunzicho musadabwe kuona choyeracho chili kudzanja lanu lamanzere. Chithunzi timachiona ngati munthuyo watiyang'ana, kumanja kwake kumakhala kumanzere kwathu. Anthu ambiri amabwerera kudzatifunsa kuti mwalakwitsa mbali.

Zuze wa kabaza, Nchalo: Koma ine ndikuti ayezetse chifuwa chachikulu. Inenso poyamba anati chibayo, ndinamwa makapisozi kawiri konse osasintha.

Bambo Semba, Ngabu: A Zuze, pa zoyezetsazo mukunena zoona, ndipo n'chifukwa chake anawapatsa kabotolo. Kuno kwathu munthu akapezeka ndi madzi mbali imodzi ya chifuwa, chifuwa chachikulu timachiganizira msanga, makamaka ngati wadwala masabata angapo, akuwonda, akutuluka thukuta usiku, kapena ali ndi kachilombo. Pomwe ndikusiyana nanu ndi pakuti madzi onse ndi chifuwa chachikulu. Ekisile imangoonetsa mthunzi. Madzi a chibayo, a chifuwa chachikulu, a mtima wofooka, mafinya, ngakhale magazi, onse amayera mofanana pachithunzi. Chimodzimodzi consolidation: chibayo wamba chimayeretsa phapo, chifuwa chachikulu chimayeretsanso, ndipo mwa anthu akuluakulu osuta fodya nthawi zina kuseri kwake kumabisala chotupa. Mawu omaliza aja, clinical correlation advised, akunena zomwezi. Wowerenga chithunzi akuuza dokotala kuti ine ndaona mthunzi, inu amene muli ndi wodwalayo phatikizani ndi zomwe mwamva ndi kupima.

Mayi, ndifunse. Bambo asanadwale masiku asanuwa anali bwanji? Ankatsokomola kale? Malamba kapena mathalauza awakulira? Amasuta? Anayezetsapo magazi posachedwa?

Mayi a Chisomo, Bangula: Anali bwino, sabata yatha ankalima kudimba. Kakutsokomola ka m'mawa ndi kakalekale chifukwa amasuta chingambwe kuyambira ndili mwana. Kuwonda sindinganene, thupi lawo ndi lochepa chibadwire. Magazi anawayeza dzulo lomwelo, alibe kachilombo. Makhololo tapereka m'mawa uno.

Esinati, Makhuwira: Amayi anganso anali ndi madzi m'chifuwa, miyendo kutupa, osatha kugona chagada. Anawapatsa timapilitsi toyera tokodzetsa, pasanathe sabata madzi onse anatha. Tatsala nato tambiri. Ngati pali wobwera ku Bangula ndikhoza kukutumizirani, bambowo amwe m'malo mokabayidwa singano.

Bambo Semba, Ngabu: Mayi Esinati, mtima wanu ndi wabwino koma chonde musatumize. Mayi anu madzi awo anali ochokera ku mtima wofooka. Amenewo kawirikawiri amakhala mbali zonse ziwiri, mtima umaoneka waukulu pachithunzi, miyendo imatupa, ndipo mapilitsi okodzetsa amathandizadi. Bambo awa alemba kuti mtima wawo ndi wa msinkhu wabwino, madzi ali mbali imodzi, ndipo thupi likutentha. Munthu wotentha thupi, amene akutaya kale madzi ndi thukuta la kuchigwa kuno, mukamupatsa okodzetsa mumuumitsa thupi, magazi atsika, impso zivutika, koma madzi a m'chifuwawo sasuntha. Komanso mapilitsiwo atsala bwanji ambiri? Mayi anu anasiya kumwa?

Esinati, Makhuwira: Anasiya atapeza bwino.

Bambo Semba, Ngabu: Apite nawo kuchipatala akawaonenso, mtima wofooka suchira chifukwa kutupa kwaphwa. Tidzakambirane padera zimenezo.

Mayi a Chisomo, za ulendo wa ku Gulupu lero, ine sindikuona chifukwa, malinga bambo akudya, akumwa, ndipo akulankhula bwino. Koma pali ntchito yomwe ndikupatseni. Akakhala phee, yang'anani chifuwa chawo, muwerenge kuti akupuma kangati pa mphindi imodzi yathunthu, muli ndi wotchi ya pafoni. Munthu wamkulu wabwinobwino amapuma pakati pa 12 ndi 20. Akafika 30, kapena akayamba kusokonezeka mutu, kulephera kumaliza chiganizo chifukwa cha befu, milomo kuda, kusanza mankhwala, musadikire kuti kuche. Kachiwiri, amokisilini akagwira, kutentha thupi kumayenera kuyamba kutsika pakatha masiku awiri kapena atatu. Kukapitirira, kapena kukatsika n'kubwereranso, bwererani kuchipatala ndipo mukanene mawu awa: anali ndi madzi ochepa pachithunzi choyamba. Nthawi zina tizilombo timalowa m'madzi aja n'kusanduka mafinya, ndipo mafinya otsekeredwa m'jumbo mankhwala akumwa sawatha okha.

Mayi a Chisomo, Bangula: Ndawerenga kawiri, ndapeza 24 ndi 25. Adya phala pang'ono.

Bambo Semba, Ngabu: Ndi kokwera koma sikunafike poopsa. Muziwerenga m'mawa ndi madzulo, muzilemba kuseri kwa kabukuko.

Aphunzitsi Dzinga, Nsanje: Ndilowererepo ndi funso langa, pepani ngati ndapatutsa nkhani. Ine ndinadwala chibayo mwezi wa Juni, ndinamaliza mankhwala, ndinachira. Patatha masabata awiri ndinakajambulitsanso pa chipatala china cholipira, n'kulembanso consolidation yomweyo. Anandigulitsa mankhwala ena okwera mtengo. Kodi ndiye kuti oyambawo sanagwire?

Tadala wojambula: Aphunzitsi, munajambulitsa msanga. Chithunzi chimachira mochedwa kuposa munthu. Thupi limatha kuzizira, chilakolako cha chakudya kubwerera, koma zinyalala za m'timatumba tija zimatenga masabata kuti zichoke, ndipo mwa achikulire ndi osuta zimachedwerapo. N'chifukwa chake chithunzi chobwereza timati chidikire masabata 6 kapena kuposerapo pang'ono. Ngati munthu akupeza bwino, mthunzi wa pa sabata yachiwiri pawokha si chifukwa chomwera mankhwala ena.

Bambo Semba, Ngabu: Ndipo pamenepa pali msampha wina umene ndauona kambiri. Mankhwala a gulu la sipulo, amene anthu amagula okha m'masitolo a mankhwala, amafooketsako tizilombo ta chifuwa chachikulu osatipha tonse. Munthu amapezako bwino, makhololo n'kuvuta kuonetsa matenda, kenaka patapita miyezi amabwera atafooka. Aphunzitsi, ngati simukutsokomola, simukuwonda, palibe chodetsa nkhawa, koma chithunzi chachitatu chingatsimikize kuti payera. Ndati payera, ndikutanthauza kuti pada, poti pa ekisile kuda ndiye kuchira.

Kwa bambo a ku Bangula chithunzi cha pa masabata 6 chimenechi n'chofunika kwambiri, ngakhale atachira n'kubwerera kudimba. Zaka 63 ndi chingambwe cha zaka zonsezo, tikufuna tione ndi maso kuti mthunzi wachoka ndipo kuseri kwake kulibe kanthu.

Mayi a Chisomo, Bangula: Abale, ndabweranso patatha masiku anayi. Zotsatira za makhololo zatuluka, alemba "MTB not detected", kutanthauza kuti sanapeze tizilombo ta chifuwa chachikulu. Tinasangalala. Lachitatu thupi linazizira, anadya nsima ndi mlamba. Koma kuyambira dzulo usiku latenthanso, thukuta mpaka kunyowetsa mphasa, ndipo akukana kugonera kumanzere, akuti akabanika, akungogonera mbali yodwalayo. Kubaya kuja akuti kwachepa. Kupuma ndapeza 28. Mankhwala sanadumphitse ngakhale kamodzi. Kodi poti kubaya kwachepa ndiye kuti akuchira?

Bambo Semba, Ngabu: Ayi mayi, nyamukani lero lomwe. Kubaya kumachitika zikopa ziwiri zotupa zija zikamakhulana. Madzi akachuluka amazilekanitsa, kubaya n'kuchepa, koma befu n'kuwonjezeka. Kugonera mbali yodwala n'chizindikiro chomwecho, munthu amafuna phapo labwino likhale pamwamba lizipuma momasuka. Kutentha kobwerera, kupuma kokwera kuchoka pa 24 kufika 28, zonsezi zikundiuza kuti madzi aja mwina awonjezeka kapena ayamba kusanduka mafinya. Pitani ku chipatala chachikulu cha boma, osati kukagula mankhwala ena. Tengani kabuku ndi chithunzi choyamba ngati anakupatsani, kapena chomwe munajambula pafoni, kuti akafananize. Akawapima pogogoda kumsana ndi chala, mbali ya madzi imamveka ngati mukugogoda khoma, pomwe yabwino imalira ngati ng'oma. Akhoza kuwaunika ndi sikani, imene imaona madzi bwino kuposa ekisile ndipo imasonyeza pobaya.

Gogo Nachanza: Koma asalole zopopa. Malemu amuna anga anawapopa kawiri, madzi ankangobwerera, mpaka anatisiya. Singano ija imaitana madzi.

Bambo Semba, Ngabu: Gogo, pepani kwambiri, imfa ya bambo aja tonse inatikhudza. Madzi amabwerera ngati chomwe chikuwapanga chikadalipo, monga chotupa kapena mtima kapena chiwindi chofooka. Singano siyiwaitana. Kwa bambo awa singano ndi imene ingatiuze chomwe ekisile singathe kunena. Amawakhazika pampando atatsamira kutsogolo, amabaya mankhwala ochititsa dzanzi pakhungu, n'kulowetsa singano pamwamba pa nthiti, kukoka madzi okwana sirinji imodzi kapena ziwiri. Akatuluka mafinya kapena madzi a mbuu onunkha, ndiye pafunika kuika paipi kuti onse atuluke, pamodzi ndi mankhwala a jakisoni. Akatuluka achikasu oyera bwino, amakawayeza kuti aone mtundu wa maselo ndi kuchuluka kwa mapuloteni. Akakhala ambiri oti akubanikitsa munthu amachotsako, koma osapitirira pafupifupi lita imodzi ndi theka nthawi imodzi, kuti phapo lifutukuke pang'onopang'ono. Kuchedwa ndiye koopsa, chifukwa mafinya akakhalitsa amapanga timazipinda, paipi imodzi n'kulephera kuwatulutsa.

Zuze wa kabaza, Nchalo: Makhololo angawonso sanapeze kanthu, mayi. Musadalire pepala limenelo. Ine chifuwa chachikulu anachipeza ndi madziwo.

Tadala wojambula: Apa a Zuze akunena zenizeni. Chifuwa chachikulu chikakhala pa kachikopa kokuta phapo, tizilombo timakhala tochepa, ndipo makina a GeneXpert amatha osatipeza m'makhololo ngakhale m'madzi momwemo. Madokotala nthawi zambiri amagamula pophatikiza mtundu wa madzi, nthawi yomwe munthu wadwala, ndi momwe wayankhira mankhwala a chibayo.

Mayi a Chisomo, Bangula: Tafika, atigoneka. Mpweya pa kachala anapeza 91, awaika pa okosijeni. Chithunzi chatsopano alemba "moderate right pleural effusion, increased", ndipo ndadzionera ndekha, choyera chija chakwera mpaka pafupifupi theka la mbaliyo, mzere wake wopindikira kunthiti monga a Tadala ananenera. Awabaya madzulo ano ine ndili pomwepo nditawagwira mapewa. Sanalire, anangoti kukuluma ngati mavu. Madzi atuluka achikasu koma a mbuu pang'ono, osanunkha, si mafinya enieni. Achotsa okwana botolo limodzi la dilipu ndi kachigawo, ndipo pompano akupuma mopepukirako, ndapeza 23. Ayamba jakisoni wa m'mitsempha. Adokotala akuti tidikire zotsatira za madzi, mwina paipi ifunika, mwina ayi.

Zuze wa kabaza, Nchalo: Achikasu ngati anga. Ndikuti ndi chifuwa chachikulu chimenecho, muona.

Bambo Semba, Ngabu: Zikhoza kutheka, a Zuze, koma ine ndikutsamira ku chibayo chomwe chadzetsa madzi. Matendawa anayamba mwadzidzidzi mwa munthu amene ankalima sabata yapitayo, ndipo mbuu umenewo umandikayikitsa kuti akupita ku mafinya. Mtundu wokha sungagamule. Mayi, mawa pa ulendo wa madokotala mufunse kuti m'madzimo mwachuluka maselo a mtundu wanji. Akachuluka a mtundu wa mafinya, nkhani ndi ya chibayo, ndipo funso lotsatira ndi la paipi. Akachuluka a mtundu winawo, amene papepala amalemba lymphocytes, chifuwa chachikulu chikwera pamwamba ngakhale makina asanachipeze. Mufunsenso ngati sikani yaonetsa timazipinda. Ngati papepala mudzaona mawu akuti loculated, ndi zimenezo.

Aphunzitsi Dzinga, Nsanje: Nanga zikadzapezeka kuti ndi chifuwa chachikulu, ana a pakhomopo atani? Chisomo ndi wamng'ono uja.

Bambo Semba, Ngabu: Zikatero a zaumoyo adzafuna kuona onse a m'nyumbamo, makamaka ana osakwana zaka zisanu, ndipo pali mankhwala oteteza amene amaperekedwa. Koma tisafike kumeneko zotsatira zisanatuluke.

Mayi a Chisomo, Bangula: Chisomo ali ndi zaka zitatu, ndipo amagona chipinda chimodzi ndi agogo akewo nthawi yotentha ino. Ndalemba mafunso onse kuseri kwa kabuku. Achimwene a ku Joni akuumirirabe za ku Gulupu, akuti atumiza ndalama Lachisanu. Adokotala a kuno akuti paipi amaika konkuno, kutumiza ku Blantyre n'kongoti ngati madzi akana kutuluka. Bambo agona tsopano, kutentha kwatsikako pang'ono. Bambo Semba, foni yanu ikhale yotsegula m'mawa cha m'ma 9, ndidzakuwerengerani zomwe alembe.

Bambo Semba, Ngabu: Ikhala yotsegula. Usiku uno muwerengenso kupuma kamodzi, ndipo kukadutsa 30 kapena pobayidwa paja pakayamba kuwawa kwambiri ndi befu, kadzutseni anamwino nthawi yomweyo.